Mwatumiza kalata yolakwika pofunsira ntchito: konzani motere

Tiyerekeze kuti sabata ino mwafunsira ntchito m'malo awiri. Lachitatu madzulo mwatumiza imelo ku bungwe lomwe likufuna wothandizira kuwerengera ndalama, ndipo m'mawa mwake mwazindikira kuti kalata yomwe munaphatikiza ndi ija munalembera kampani ina, dzina la kampaniyo lili pamwamba penipeni. Tsiku lotsekera ndi Lachisanu. Mwayi ukadalipo, koma kumbukirani kuti amene akulandira maimelowa ali ndi mulu wa ofunsira. Alibe nthawi yotenga kalata mu imelo iyi, setifiketi mu imelo ina, n'kumalumikiza. Ntchito yanu ndi kumupatsa imelo imodzi yokwanira, yoti atha kutaya yoyamba ija osaiyang'ananso.

1. Yambani mwaona zomwe zinapitadi. Lowani mu Sent, momwe mumakhala maimelo otumizidwa, n'kutsegula fayilo iliyonse kuchokera mmenemo, osati kuchokera pomwe munasunga pa kompyuta. Mwina mupezanso cholakwa china, ndipo ndi bwino kukonza zonse kamodzi. Musataye nthawi kufuna kubweza imeloyo. Undo Send ya Gmail imakupatsani masekondi osapitirira 30, pomwe Recall ya Outlook imagwira ntchito pakati pa anthu a m'bungwe limodzi. Ingotengani kuti yafika.

2. Tumizaninso zonse, osati kalata yokonzedwayo yokha. Ikani kalata, CV, yomwe ndi mbiri ya maphunziro ndi ntchito zanu, setifiketi ya MSCE, dipuloma ndi china chilichonse chomwe chidziwitso cha ntchitoyo chinapempha. Apa ndi pomwe ambiri amagwera kachiwiri. Mukadina Reply, mafayilo akale satsagana nayo, choncho mutha kutumiza kupepesa kopanda kanthu. Mukadina Forward, fayilo yolakwika ija imabweranso. Ine ndimalangiza kuyamba imelo yatsopano, pa adiresi yanu yomwe ija munagwiritsa ntchito poyamba. Mafayilo muwayike musanalembe adiresi ya wolandira, kuti chala chisakutsogolereni.

3. Mutu wa imelo uzinena wokha nkhani yonse. Maofesi ambiri amasankha maimelo potsata dzina la ntchito kapena nambala yake, ndiye musasinthe zimenezo. Ingowonjezerani mawu osonyeza kukonza:

```
Corrected application: Accounts Assistant
```

4. Uthenga ukhale waufupi, m'chiyankhulo chomwe munalembera poyamba, chimene nthawi zambiri kuno kwathu chimakhala Chingerezi. Unene tsiku lomwe munatumiza, chomwe chinalakwika, ndi chomwe mukupempha. Mfundo zake ndi izi: "Lachitatu ndinatumiza kalata yofunsira ntchito ya wothandizira kuwerengera ndalama. Ndinaphatikiza kalata yolakwika, ndipo ndikupepesa. Mu imelo ino muli kalata yoyenera pamodzi ndi mapepala ena onse. Chonde gwiritsani ntchito ino m'malo mwa yoyamba ija."

Kupepesa kamodzi n'kokwanira. Musafotokoze za kuzima kwa magetsi, za netiweki, kapena za mnyamata wa pa kefe amene anakuthandizani kutumiza. Ngakhale zitakhala zoona, wowerenga amangoona munthu wokankhira ena mlandu, ndipo pa ntchito yosunga ndalama khalidwe limenelo limaopsa kuposa cholakwacho. Dzina la kampani ina ija musalitchulenso. Palibe amene amadabwa kuti mukufunsira kwina, koma palibe chifukwa chowakumbutsira.

5. Sinthani mayina a mafayilo. Gwero la vutoli kawirikawiri ndi makalata awiri a mayina ofanana, monga `letter.pdf` ndi `letter (1).pdf`, omwe pa foni simungawasiyanitse msanga. Fayilo iliyonse ikhale ndi dzina lanu ndi la ntchitoyo. Mukamaliza kuphatikiza, tsegulani iliyonse mu imelo momwemo n'kuwerenga mzere woyamba. Samalaninso kukula kwake: Gmail imalola 25 MB, ndipo mukapyola imayika linki ya Google Drive, yomwe wolandirayo angalephere kutsegula.

6. Si cholakwa chilichonse chofunika imelo yachiwiri. Chilembo chimodzi chosowa pakati pa kalata chisiyeni, chifukwa kulembanso kungowaonetsa chomwe mwina sakanachiona. Koma nambala ya foni yolakwika, kaya yanu kaya ya munthu wokuchitirani umboni, ikonzeni tsiku lomwelo. Ngati fayilo yolakwikayo inali ndi zinsinsi za munthu wina, monga chiphaso cha mbale wanu, pemphani mosapita m'mbali kuti aifufute.

Mukazindikira tsiku lotsekera litadutsa, tumizanibe, koma nenani poyera kuti yoyamba inafika pa nthawi yake ndipo mukupempha ngati angalandire yokonzedwayi. Ali ndi ufulu wokana, makamaka kumene malamulo amaletsa kulandira mapepala mochedwa. Akakhala chete, musatumize yachitatu.