Wanjinga yamoto adzam'peza nthawi yanji?

Pochonga masamu a liwiro, mtunda ndi nthawi, timaona kuti ana ambiri lamulo amalidziwa: mtunda = liwiro × nthawi. Mavuto amayamba funso likabwera ngati nkhani. Tiyeni tiyende nalo limodzi funso ili.

Mnyamata wanyamuka 7 koloko m'mawa pa njinga yakapalasa, kupita kumsika ndi dengu la usipa, pa liwiro la makilomita 15 pa ola. Patapita mphindi 40, achimwene ake aona kuti waiwala thumba la ndalama za chenji, ndipo am'londola pa njinga yamoto, makilomita 45 pa ola. Adzam'peza nthawi yanji?

Musanagwire cholembera, dzifunseni: n'chiyani chimene chikhale chofanana kwa awiriwa? Liwiro lawo n'losiyana. Nthawi imene akhale pamsewu ndi yosiyananso. Koma pamene akumana, onse ayenda mtunda umodzi kuchokera pakhomo. Pamenepo ndiye pagona ikweshoni yathu.

Chimene sitikuchidziwa tichipatse chilembo. Tinene kuti t ndi maola amene achimwene ayende. Mtunda wawo ndi 45t. Mnyamata uja adatsogola ndi mphindi 40, choncho nthawi yake ndi yochulukirapo. Popeza liwiro lili pa ola, mphindizo tizisandutse maola: 40/60, kapena kuti 2/3. Mtunda wake ndi 15(t + 2/3). Tifananize:

45t = 15(t + 2/3)
45t = 15t + 10
30t = 10
t = 1/3

Gawo limodzi mwa magawo atatu a ola ndi mphindi 20. Apa ena amalemba 7:20 n'kutseka kope, kuiwala kuti t wayamba kuwerengedwa pamene achimwene anyamuka, 7:40. Akumana 8 koloko.

Tiyese yankholi. Mnyamata wapalasa ola lathunthu, makilomita 15. Achimwene ayenda 45 × 1/3, makilomita 15 omwewo. Zagwirizana.

Cholakwa chimene chimatidandaulitsa kwambiri ndi kulemba mphindi 40 ngati 0.40, ngati kuti ola lili ndi mphindi 100. Wotero amapeza 30t = 6, ndiye kuti mphindi 12, ndipo yankholo limaoneka labwinobwino. Koma liyeseni: pa mphindi 12 njinga yamoto yayenda makilomita 9, pamene mnyamata, atapalasa mphindi 52, ali pa makilomita 13. Achimwene akadali m'mbuyo ndi chenji chija.

Ena amachotsera 2/3 m'malo mophatikiza, n'kulemba 15(t − 2/3). Iwowa amapeza t = −1/3, kutanthauza kuti achimwene am'peza mnyamatayo iwo asananyamuke pakhomo. Mukaona nthawi yochepera 0, bwererani pa funso muone amene adayamba kunyamuka.

Makolo, funsani ana anu madzulo ano: achimwene akadachedwa ola lathunthu, akadam'peza pa makilomita angati?