Mutu 17: Yohane Alakwitsa Nsalu ya Eni

Pakhonde pa sitolo ina ku Mitundu panali telala wokalamba dzina lake a Phiri. Iwo anali ndi makina osokera opalasa ndi mapazi, ndiponso mnyamata wophunzira ntchito dzina lake Yohane. Kwa chaka chathunthu Yohane ankangosokerera mabatani, kupinda mipendero ndi kusita zovala ndi simbi yamakala. Sizasi yaikulu yodulira nsalu anali asanaigwirepo.

Lolemba lina m'maŵa kunafika a Mwale, mlimi wa mtedza, atanyamula nsalu yoyera ya mizere yobiriŵira, mayadi aŵiri ndi theka. Ankafuna malaya a mikono yaifupi oti akavale paukwati wa mwana wawo Loŵeruka. A Phiri anawayeza ndi tepi nalemba m'kabuku kuti chifuŵa chinali mainchesi 36. Analembanso muyeso wa mapeŵa ndi wa msinkhu wa malayawo.

M'maŵa mwake a Phiri anapita ku Lilongwe kukagula ulusi ndi singano. Yohane atatsala yekha anayang'ana nsalu ija kwa nthaŵi yaitali, mtima uli dyokodyoko. "Kodi sindinaone kambirimbiri m'mene bambo amachitira?" anadzifunsa motero. Anapinda nsalu paŵiri, nagaŵa 36 panayi monga ankaonera, napeza 9. Anawonjezapo theka la inchi la msoko, najambula ndi choko. Kenaka sizasi inalira, tseketseke! Posakhalitsa chakumbuyo ndi zakutsogolo ziŵiri zinali gone pathebulo.

A Phiri atabwera madzulo sanakalipe. Anatenga chakumbuyo chija chili chopinda, nachiyeza kuchokera popinda kufika m'mphepete. Tepi inaonetsa mainchesi 9 ndi theka.

"Bwera kuno, mwana wanga," anatero. Anazunguliza tepi pachifuŵa pa Yohane naimanga thithithi. "Tsopano kokera mpweya m'kati, ukwezenso manja."

Yohane anayesa koma tepi inamufinya. "Ikundithina, bambo," anatero.

"Malaya wadulawa adzawathina chomwecho a Mwale. Muyeso wa m'kabuku ndi wa thupi la munthu, si wa malaya ai. Munthu amapuma, amaŵerama, amatambasula manja. N'chifukwa chake pa 36 ndimayamba ndawonjeza mainchesi 4 kuti akhale 40, ndipo pokhapo ndimagaŵa panayi. Tipeza angati?"

"Tipeza 10, bambo. Ndi msoko womwe, 10 ndi theka."

Yohane anamva thukuta lozizira kumsana. A Phiri ankawonjeza mainchesi anayiwo mumtima, osatulutsa mau, ndipo maso a mnyamatayo sakadatha kuona zimenezo. Anapempha kuti amdule malipiro kuti agule nsalu ina, koma atafunsa m'sitolomo anamva kuti ya mizere yotere inali itatha.

"Tiyeni tingosoka, mwina sadzazindikira," anatero Yohane ndi mau otsika.

"Batani loyamba likadzathothoka m'tchalitchi adzazindikira, pamodzi ndi mudzi wonse," anayankha a Phiri. Kenaka anayeza mapeŵa ndi msinkhu, napeza kuti zonse zinali bwino. "Uli ndi mwaŵi. Ukadachepetsa mapeŵa, nsaluyi ikadangokhala ya malaya a mwana. Koma kuchepa kwa m'nthiti kuli ndi mankhwala ake. Akusoŵa mainchesi 4, ndipo malaya ali ndi mbali ziŵiri. Tiika kansalu kowonjezera mbali iliyonse, kuchokera m'khwapa kufika kumpendero. Kakhale kotambalala bwanji?"

"Mainchesi 2," anayankha Yohane mofulumira.

"Taganizanso. Kansaluko kadzasokedwa kangati?"

Yohane anakhala chete, akuŵerenga ndi zala. Kansaluko kanayenera kulumikizidwa ndi chakutsogolo mbali imodzi, ndi chakumbuyo mbali inayo, ndipo msoko uliwonse unali kudzadya theka la inchi. "Mainchesi 3, bambo, kuti 2 atsale poonekera."

A Phiri anagwedeza mutu movomera. Yohane anatenga nsalu yotsala nafuna kudula chopingasa kumapeto kwake, pakuti pamenepo ndiye panali pafupi. Mkuluyo anamgwira dzanja. Anamuuza kuti akoke nsaluyo m'litali, kenaka akokenso m'mimba mwake. M'litali nsalu inali yolimba, koma m'mimba inkatamuka pang'ono. Kansalu kodulidwa chopingasa kakadakwinyika pamsoko malayawo atachapidwa, ndiponso mizere yake ikadagona pamene ina yonse yaimirira. Motero Yohane anajambula tinsalu tiŵirito motsata mphepete mwa nsalu, nayeza kaŵiri, nadula manja akunjenjemera.

Mwamwaŵi mikono inali isanadulidwe. A Phiri anamuuza kuti ailekeze kaye, chifukwa kansalu kowonjezera kamakulitsa poloŵera mkono. Anayenera kuyamba walumikiza thupi la malaya, kuyeza poloŵera mkonopo, ndipo kenaka kudula mikono yolingana napo. Koma nsalu yotsala inali itachepa. Inakwanira mikono, kolala ndi thumba limodzi lokha, chonsecho a Mwale anapempha matumba aŵiri.

"Zimenezo ukawauza ndiwe," anatero a Phiri.

Lachitatu lonse Yohane analumikiza zidutswazo ndi singano yapamanja, ndi ulusi wapatalipatali wosavuta kusolola. Msoko umodzi anaumasula katatu chifukwa mizere inkapotoka. Lachinayi a Mwale anabwera kudzayesa. Yohane anagwada pansi nafotokoza zonse, kuyambira pa sizasi imene anaigwira popanda chilolezo kufikira pa thumba losoŵalo.

A Mwale anakwinya nkhope. "Matumba angati a mtedza ndinasenza kuti ndigule nsalu imeneyi, iwe mwana?" anafunsa. Yohane anangoŵerama. Mlimiyo anavala malayawo mosamala, nakweza manja, naŵerama ngati akulima, napumira m'mwamba. Palibe pamene panakoka. Anakweza mkono nasuzumira m'khwapa, ndipo misoko iŵiri inaoneka ndithu, koma mizere inali chilili ngati inzake.

"Thumba limodzilo likhale kumanzere," anatero potsiriza. "Koma mtengo wosokera sindilipira wonse."

A Phiri anavomera, nanena kuti chotsalacho chichokera pamalipiro a Yohane. A Mwale atapita, mkuluyo ananyamuka pampando wa makina namuuza mnyamatayo kuti akhalepo. Anamuikira ulusi woyera, namuonetsa poyambira, m'khwapa mwa kumanja.

Mafunso

1. Chifukwa chiyani a Phiri anamanga tepi pachifuŵa pa Yohane?
2. Fotokozani chifukwa chake kansalu kowonjezera kanadulidwa mainchesi 3 osati 2.
3. Tchulani zifukwa ziŵiri zimene a Phiri anakanira kudula kansaluko chopingasa.
4. Munthu wina chifuŵa chake ndi mainchesi 40. Potsata njira ya a Phiri, kodi telala ajambula mainchesi angati pansalu yopinda paŵiri?
5. Kodi a Mwale anachita bwino kukana kulipira mtengo wonse? Kambiranani.

Ntchito

Pangani ziganizo zanuzanu ndi mau aŵa: mpendero, msoko, kutamuka, chopingasa, thithithi.