Mabisiketi "opanda shuga": werengani nokha makalori ake

Kaya mwagula pa Migowi, pa Chiringa kapena akutumizirani achibale a ku Joni, paketi yolembedwa kuti mulibe shuga isakupusitseni kuti mulibenso makalori. Anthu a matenda a shuga ndi amene amagwa kwambiri m'mbuna imeneyi. Kuwerengera kwake sikulira ndalama. Mungofunika kakyuleta ya pafoni ndi mphindi zisanu.

Yambani ndi mndandanda wa zosakaniza, chifukwa zotsekemera zolowa m'malo mwa shuga zili mitundu iwiri. Mtundu woyamba ndi wotsekemera mopitirira, monga asipatemu, yemwe nambala yake ndi E951, ndi sukuralozi, E955. Asipatemu ali ndi makalori 4 pa galamu, chimodzimodzi shuga wa Illovo, koma amatsekemera pafupifupi kuwirikiza ka 200, ndiye amathiramo kochepa zedi. Za mtundu umenewu musavutike kuziwerengera.

Mtundu wachiwiri ndi mapoliyolo, omwe ena amati mowa wa shuga ngakhale saledzeretsa konse. Mayina a ambiri mwa iwo pachizungu amathera ndi zilembo "ol": sobitolo ndi E420, malititolo E965, zailitolo E967, erithiritolo E968. Awa amathiridwa ambiri ndithu, ngati mmene tithirira shuga m'zitumbuwa. Matumbo amangoyamwako gawo, otsala amakagayidwa ndi tizilombo ta m'matumbo akulu, n'chifukwa chake makalori awo ndi ochepa kuposa a shuga. Kusiyana kwa mapaketi kumayambira pomwepa. Lamulo la ku Ulaya limawerengera poliyolo aliyense makalori 2.4 pa galamu, kupatula erithiritolo yemwe amaikidwa pa 0. Ku Amereka aliyense ali ndi nambala yake: sobitolo 2.6, zailitolo 2.4, malititolo 2.1.

Tiyerekeze kuti pa magalamu 100 a mabisiketi alembapo makabohaidireti 60, ndipo mwa amenewo 20 ndi malititolo, mafuta 20, mapulotini 6. Choyamba chotsani 20 pa 60, chifukwa mapoliyolo ali kale m'kati mwa makabohaidiretiwo. Ambiri amawaphatikizanso kachiwiri, nambala n'kukwera pachabe. Zotsala 40 muchulukitse ndi 4, mupeza 160. Malititolo 20 ndi 2.4 akupatsani 48. Mafuta amachulukitsidwa ndi 9, ndiye 180, ndipo mapulotini ndi 4, ndiye 24. Zonse pamodzi ndi makalori 412. Mabisiketi omwewo atalembedwa mwa ku Amereka angasonyeze 406, ndipo palibe amene wanama.

Tsono onani ichi. Akanathira shuga weniweni m'malo mwa malititolo, makalori akanakhala 444. Mwapulumutsa 32 okha pa magalamu 100, ofanana ndi timasupuni tiwiri ta shuga wa mu tiyi. Ufa ndi mafuta zili momwemo. Kwa ine, mtengo wokwera wa mabisiketi otere sugwirizana ndi phindu lake.

Nambala ikakuonekerani yaikulu modabwitsa, monga 1720, yang'anani zilembo zili pambali pake. Katundu wa ku South Africa amalembedwa mu kJ, osati kcal. Gawani ndi 4.2, mupeza makalori pafupifupi 410. Onetsetsaninso ngati mzerewo ukunena za magalamu 100 kapena za gawo lodya kamodzi, lomwe nthawi zina ndi mabisiketi awiri okha. Mukamafananitsa mapaketi awiri, gwiritsani mzere wa magalamu 100 ponseponse.

Nayo 0 ili ndi chinsinsi chake. Ku Amereka, gawo lodya kamodzi likakhala ndi makalori osakwana 5, lamulo limalola kulemba 0. Timapepala ta zotsekemera za mu tiyi tolemera galamu imodzi nthawi zambiri timadzazidwa ndi dekisitirozi kapena malitodekisitirini, ndipo kamodzi kamakhala ndi makalori atatu kapena anayi. Kamodzi mu kapu si nkhani. Koma mukathira timapepala khumi mu phala la banja, mwathira makalori oposa 30, ndipo dekisitiroziyo ndi shuga amene amalowa m'magazi msanga.

Odwala shuga, dziwani kuti malititolo amakwezabe shuga wa m'magazi, ngakhale pang'ono poyerekeza ndi shuga wamba, pamene erithiritolo sakweza. Ndipo mapoliyolo akachuluka amadzaza mpweya m'mimba ndi kutsegula m'mimba, makamaka kwa ana. Ku Ulaya chakudya chokhala ndi mapoliyolo oposa magawo 10 pa 100 chimayenera kulembedwa chenjezo limeneli. Mwana akatsegula m'mimba atamaliza paketi ya masiwiti otere, musathamangire kunamizira madzi a pa mjigo.

Ngati paketi yatchula E965 kapena E420 koma sinanene magalamu ake, werengerani makabohaidireti onse ndi 4, ngati ndi shuga. Ndipo tsiku lanu la sikelo ya matenda a shuga likafika, tengani paketiyo mukawaonetse adokotala.