Kuyeza Kasunthidwe Kakang'ono Powerenga Mikombero ya Kuwala

Ophunzira inu, chida chomwe chili patebulo lerochi chimatchedwa intaferomita ya Michelson. Albert Michelson anapanga choyamba cha mtundu umenewu mu 1881, ndipo mu 1887 iye ndi Edward Morley anagwiritsa ntchito chokulirapo mu mzinda wa Cleveland ku America. Ife tichigwiritsa ntchito poyankha funso limodzi lokha: kalilole uyu ndikamukankha pang'ono, wasuntha mtunda wotani? Mtunda wake ndi wochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi, moti lula sangatithandize. Muyeso wathu ukhala kuwala komweko.

Tsatirani njira ya kuwala ndi chala, koma osakhudza magalasi. Kuwala kofiira kukuchokera mu leza, kukufika pa galasi lopendekekali lomwe lili pakati. Galasi limeneli limagawa kuwala pawiri: theka limapyola n'kupita kwa kalilole wakutsogolo, theka lina limakhota n'kupita kwa kalilole wam'mbali. Njira ziwirizi ndiyo mikono iwiri ya chidachi. Kalilole aliyense amabweza kuwala kwake, ndipo magawo awiriwo amakumananso pa galasi lija n'kukagwera limodzi pa pepala loyera. Kalilole mmodzi ndi wokhazikika. Winayo amayenda mukapotokola kasikuluu koyezera kamene kali kumbuyo kwake.

Kuwala kumayenda ngati mafunde, okhala ndi zitunda ndi zigwa. Pamene chitunda cha mkono uwu chakumana ndi chitunda cha mkono uwo, papepala pamawala kwambiri. Pamene chitunda chagwera m'chigwa, mafunde amafafanizana ndipo pamada. Tikaika lenzi kutsogolo kwa leza kuti kuwala kutambasuke, papepala pamaoneka mikombero, wowala, wakuda, wowala, wakuda, ngati yomwe imabwera mukaponya mwala padziwe.

Tsopano mvetserani bwino, chifukwa apa ndi pamene ambiri amaphonya. Leza yathu ndi ya mpweya wa hiliyamu ndi niyoni, ndipo funde lake limodzi ndi lotalika mananomita 632.8. Nanomita ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a milimita. Kuti pakati pa mikombero pachoke pa kuwala, pade, n'kuwalanso, njira ya mkono umodzi iyenera kusintha ndi funde limodzi lathunthu. Koma kuwala kumapita kwa kalilole n'kubwererako. Munthu amene mpopi wake wasunthidwa mita imodzi kutali amayenda mamita awiri oonjezera pa ulendo uliwonse wokatunga madzi, imodzi popita, ina pobwera. Chimodzimodzinso pano. Kalilole akasuntha theka la funde, njira ya kuwala yasintha funde lonse. Choncho mkombero umodzi ukuimira mananomita 316.4, osati 632.8. Lembani m'makope mwanu:

```
d = N × λ / 2
```

Apa d ndi mtunda umene kalilole wasuntha, N ndi chiwerengero cha mikombero yomwe yadutsa, ndipo λ ndi kutalika kwa funde. Amene adzaiwale kugawa pawiri adzapeza yankho loposa loona kawiri ndendende, ndipo ine ndikadzaona zotero m'kope ndidzadziwa nthawi yomweyo pamene analakwitsa.

Musanawerenge kanthu, chotsani kaye lenzi. Papepala muona timadontho towala kwambiri tiwiri, kamodzi kochokera ku mkono uliwonse. Kumbuyo kwa kalilole wokhazikika kuli tizitsulo tiwiri tomupendeketsera. Tipotokoleni pang'onopang'ono mpaka timadonthoto tisanjikizane, kenako bwezerani lenzi. Mukaona mizere yowongoka yothinana m'malo mwa mikombero, ndiye kuti akalilole akadali opendekekerana. Pitirizani kukonza molunjika kumene mizereyo ikutakasuka mpaka pakati pa mikombero paonekere. Ndipo musaweramitse mutu kufika pa mzere wa leza. Kuwala kwake, ngakhale kobwerera kuchokera pa wotchi ya pamkono, kungavulaze diso.

Tiyeni tiyese ndi nambala zenizeni. Tikufuna kudziwa ngati kasikuluu kathu kamanena zoona. Tikasuntha kalilole mamilimita 0.050, ndiwo mananomita 50,000, tiyembekezere mikombero ingati? Gawani 50,000 ndi 316.4. Mupeza 158. Lembani kamzere ndi pensulo papepala, pambali pang'ono pa pakatikati, pomwe mkombero wakuda ukuoneka bwino. Mmodzi azipotokola, wina aziwerenga mkombero uliwonse wakuda womwe wadutsa pa kamzereko, wachitatu azilemba chizindikiro pa khumi lililonse. Poyambira ndi ziro. Mkombero umene uli kale pa kamzere musanapotokole suwerengedwa.

Tiyerekeze kuti mwapeza 146. Yasowa mikombero 12, yomwe ndi pafupifupi mamaikulomita 3.8. Musathamangire kunena kuti wowerenga anagona. Dzifunseni kaye kuti kasikuluu munayamba kukapotokolera mbali iti. Pakati pa mano a sikuluu ndi malo amene amalowamo pamakhala kampata. Mukasintha mbali yopotokolera, kasikuluu kamayamba kazungulira chabe kutseka mpatawo, manambala ake akusintha pamene kalilole ali chiimire. Mutha kuziona nokha ndi maso: dzanja likuyenda koma mikombero yangoti chilili. Mankhwala ake ndi osavuta. Yambani kupotokola muli kumbuyo kwa poyambira, pitirizani mbali imodzimodziyo mpaka mikombero iyambe kuyenda, ndiye muwerenge nambala yoyamba. Mukapitirira pomwe mumafuna kuima, musabwerere m'mbuyo. Imani pomwepo n'kulemba nambala yomwe ilipo.

Yang'aniraninso kumene mikombero ikulowera. Kusiyana kwa mikono iwiri kukamakula, mikombero imatumphuka pakati n'kumafalikira kunja. Kukamachepa, imalowa n'kumamira pakati. Ngati pakati pa kuwerenga mikombero yomwe imatuluka yayamba kulowa, kalilole wabwerera m'mbuyo, ndipo kuwerenga kwanu kwaonjeza zomwe kunayenera kuchotsa. Yambiraninso.

Vuto lina silichokera pa kasikuluu ayi, limachokera m'chipinda muno. Chotsani manja onse, mungoyang'ana. Wina akadutsa pafupi kapena kuyedzamira tebulo, mikombero imanjenjemera. Mukapumira pa mkono umodzi imayenda, chifukwa mpweya wofunda umasintha liwiro la kuwala pang'ono. Kutentha nakonso n'koopsa. Chitsulo cha aluminiyamu chotalika masentimita 10 chimatalika ndi mamaikulomita pafupifupi 2.3 chikatenthera ndi digiri imodzi, ndipo imeneyo ndi mikombero 7. Mikono yonse ikatenthera mofanana, kutalikako kumafafanizana. Koma dzuwa la pawindo likamaomba mkono umodzi wokha, mudzawerenga kutentha n'kumati mwayeza kasikuluu. N'chifukwa chake ndimafuna kuti musanayambe mudikire mphindi imodzi osakhudza kanthu, muone ngati mikombero yakhazikika.

Nanga tiwerenge ingati? Ndimaona magulu ena akuima pa 20 kuti amalize msanga. Mukaphonya mkombero umodzi pa 20, mwalakwitsa ndi magawo 5 pa 100 alionse. Mukaphonya umodzi pa 158, kulakwitsako sikufika ngakhale gawo limodzi pa 100. Komanso timizere ta pa kasikuluu n'tokhakhala poyerekeza ndi mkombero, motero pa mtunda waufupi kulephera kuwerenga bwino timizereto kumakula kuposa cholakwa china chilichonse. Werengani kupitirira 150, mubwereze kasanu, nthawi zonse mukupotokolera mbali imodzi, ndipo mulembe zotsatira zonse zisanu, ngakhale zomwe sizikukusangalatsani. Zikasiyana ndi mkombero umodzi kapena iwiri, tengani nambala yapakati. Zikasiyana ndi khumi, bwererani pa kasikuluu ndi pawindo musanandiitane.