Akuyenda ndani? Mawu olendewera m'chimangirizo cha Chingerezi

Phunziro la Chingerezi la m'kalata ino likuchokera pa chiganizo chimodzi chimene ndinachipeza pochonga zimangirizo za Fomu 3. Wophunzira ankasimba za tsiku limene ananyowa pochokera kumsika wa pa Senga Bay, ndipo analemba kuti: *Walking home, the rain started.* Nditafunsa kalasi kuti amene akuyenda m'chiganizochi ndani, onse anati ndi mlembiyo. Nditawauza kuti andilozere mlembiyo pa bolodi, anamusowa. M'chiganizo monsemo muli dzina limodzi lokha la chinthu chimene chingayende, ndiyo mvula. Malinga ndi malamulo a Chingerezi, mwanayu analemba kuti mvula ndiyo inali pa ulendo wopita kwawo.

Vutoli limayambira m'Chichewa chathu chomwe. Tikati "Ndikupita kunyumba, mvula inayamba," woyendayo ali kale m'mneni, mu ka *ndi-* kakumayambiriroko. Tikati "Atafika kugombe, mwera unayamba," *a-* akutiuza kuti wofikayo ndi munthu, ndipo *u-* akuloza mwera. Mneni wa Chichewa amayenda ndi mwini wake. Ngakhale titanena kuti "Pobwerera kunyumba, mvula inayamba," khutu la Mchewa kapena Myao silidodoma, limangodziwa kuti wobwererayo ndi wolankhula. Koma mawu a Chingerezi monga *walking* kapena *having arrived* alibe kachizindikiro konena mwini wake. Amabwereka mwini, ndipo amabwereka kwa mwininkhani wa chiganizo, amene kawirikawiri amabwera pambuyo penipeni pa mpatuliro. Ngati woima pamenepo sali amene anachita ntchitoyo, mawu oyambawo amasowa pogwira. N'chifukwa chake timawatcha mawu olendewera.

Kufufuza kwake n'kosavuta, ndipo kumafuna chala chokha. Mukamaliza kulemba, yang'anani chiganizo chilichonse chimene chayamba ndi mawu othera ndi *-ing* kapena *-ed*, kapena choyamba ndi *Having*, komanso *After*, *While* ndi *Before* akatsatidwa ndi mawu a *-ing*. Ikani chala pa mpatuliro. Werengani dzina loyamba limene likubwera pambuyo pake, kenaka dzifunseni m'Chichewa kuti, "Kodi ameneyu ndiye akuchita zimene zanenedwa kumayambirirozi?" Pa chiganizo chathu chija funso ndi lakuti, "Kodi mvula ndiyo ikuyenda?" Yankho likakusekesani, dziwani kuti chiganizo chalakwika.

Kukonza kuli pawiri. Njira yoyamba ndi kusiya mawu oyambawo monga alili, n'kuika woyenda weniweni pambuyo pa mpatuliro: *Walking home, I was caught in the rain.* Njira yachiwiri ndi kuwapatsa mawu oyambawo mwini wawo ndi mneni wathunthu, kuti asabwerekenso kwina: *As I was walking home, the rain started.* Njira yachiwiriyi ndiyo imafanana kwambiri ndi mmene timalankhulira m'Chichewa, choncho mukakayika m'chipinda cha mayeso, tsatani imeneyi. Ena amangosamutsa mawuwo n'kulemba kuti *The rain started walking home.* Apa zinthu zaipiraipira, chifukwa tsopano mvula yanyamukadi ulendo. Kusamutsa sikuchiza, chosowacho ndi munthu, ndipo ayenera kulembedwa.

Tiyeni tione ndime yathunthu ya mtundu umene ana athu a kunyanja kuno amalemba kawirikawiri. *After mending the net, the canoe was pushed into the lake. Paddling towards Namalenje, my uncle's lamp went out. Frightened by the waves, we turned back.*

M'chiganizo choyamba chala chagwera pa *the canoe*. Kodi bwato ndilo linasoka ukonde? Ayi. Apa mlembi wabisa ochita ntchito polemba kuti bwato linakankhidwa osanena olikankha. Awabweze: *After mending the net, we pushed the canoe into the lake.* Chenjerani ndi kalembedwe ka *was pushed*, *was taken*, *was given*, chifukwa mawu olendewera ambiri amabadwira pamenepo.

Chiganizo chachiwiri chili ndi msampha wobisika. Malume atchulidwa, ndiye wophunzira amaganiza kuti wopalasa alipo. Koma mwininkhani si malume, ndi nyali ya malume. *My uncle's* akungotiuza mwini wa nyaliyo, monga timanenera kuti "nyali ya malume inazima": chinazima ndi nyali, osati malume. Nyali siipalasa bwato. Tilembe kuti: *While my uncle was paddling towards Namalenje, his lamp went out.* Momwemonso *my bag* ndi *my heart* sizilowa m'malo mwa *I*.

Chiganizo chachitatu chili bwino. Oopa mafunde ndi *we*, ndipo obwerera ndi omwewo. Musaleke kuyamba ziganizo motere poopa kulakwa, chifukwa kalembedwe kameneka kamafupikitsa nkhani ndi kuikometsa pamene wochita ntchito ziwirizo ali mmodzi.

Lamuloli lili ndi malire ake. Pali mawu ochepa ozolowereka amene Chingerezi chimawalola kuima okha, monga *Generally speaking* ndi *Judging by the clouds*. Ndiponso mawu oyamba akakhala ndi dzina lawolawo, sabwereka kwina: *The rain having stopped, we spread the usipa on the racks.* Apa choleka ndi mvula, oyanika usipa pa thandala ndi ife, ndipo palibe cholendewera.

Wina angafunse kuti, popeza wowerenga amamva ndithu zimene tikutanthauza, vuto lili pati? Pa mvula amamva, chifukwa aliyense akudziwa kuti mvula ilibe miyendo. Nanga pamene onse awiri ali anthu? Taonani chiganizo ichi m'kalata yopita ku komiti ya sukulu: *Having paid half of the fees, the headteacher allowed my son to attend classes.* Kholo likufuna kunena kuti linalipira theka la fizi. Koma zolembedwazo zikuti analipira ndi mphunzitsi wamkulu, ndipo apa palibe choseketsa chimene chingamuchenjeze wowerenga. Komiti ingathe kumva kuti khololo silinaperekepo kanthu. Kulemba koyenera n'kwakuti: *After I had paid half of the fees, the headteacher allowed my son to attend classes.* A komiti amene mumalemba malipoti a misonkhano m'Chingerezi, yesani chala chomwechi pa ziganizo zonena za ndalama. Ophunzira nanunso kumbukirani kuti satifiketi ya MSCE siperekedwa kwa amene walephera Chingerezi, ndipo wochonga wa MANEB amaona zimene zili papepala, osati zimene zinali m'mutu mwanu.

Makolo, mungathe kuthandiza ngakhale Chingerezi simuchidziwa. Mwana akuwerengereni chiganizo chake, akumasulireni, ndipo inu mumufunse kuti, "Wachita zimenezo ndani? Tandilozera pamene wamulemba." Akalephera kuloza, akonze.

Nazi ziganizo 4 zoti muyesere. Chimodzi mwa izo chilibe vuto. Zina zitatuzo muzikonze m'njira zonse ziwiri zija.

1. *Riding to Chipoka, the bicycle chain broke.*
2. *Having finished our prayers, we went back to class.*
3. *Dried in the sun for two days, my mother sold the fish.*
4. *While crossing the Linthipe bridge, my sister's hat was blown away.*

Lembani mayankho m'kope la Chingerezi, ndipo mubwere nawo Lolemba likudzali kuti tidzachongere limodzi m'kalasi.