Pakona pa Azakhali: Cholira ndi chako, choopsa ndi cha bambo ako

Zikomo Azakhali,

Ndine mtsikana wa zaka 26. Pafupifupi mwezi uliwonse ndimatuluka tizilonda m'kamwa, pena kuseri kwa mlomo wam'munsi, pena m'tsaya. Timapweteka moti ndiwo za tomato sindiziyandikira. Pakapita sabata ndi theka timapola, kenako tina n'kubwera. Mnzanga wina akuti ndi khansa, wina akuti ndi matenda opatsirana, ndipo chibwenzi changa chayamba kundiyang'ana cham'mbali. Bambo anga amangondiseka. Akuti iwo ali ndi chilonda chawo m'mbali mwa lilime kwa miyezi iwiri tsopano, koma sadandaula poti sichipweteka. Kodi ndikufa?

Wodandaula, Kasungu

Mwana wanga,

Kufa udzafa, koma osati ndi zimenezi. Bweza bokosi lomwe anzakowo akukhomera kale, ndipo uwafunse kuti udokotala anauphunzira liti.

Tenga galasi, ukoke mlomowo uone. Ngati kachilondako ndi kozungulira, kosafika sentimita imodzi, pakati potuwa kapena pachikasu, m'mphepete mofiira, ndipo kali pamnofu wofewa monga kuseri kwa mlomo, m'tsaya kapena kunsi kwa lilime, ndiye kuti ndi tizilonda wamba tomwe anthu ambiri amatuluka kuyambira ali achichepere. Timabaya kwambiri masiku oyamba, kenako timapola tokha pamasiku 7 mpaka 14, osasiya chipsera. Sitipatsirana. Mnyamata wakoyo awongole khosi, angapinduke nalo. Zopatsirana ndi matuza aja otuluka kunja kwa mlomo munthu akadwala malungo kapena chimfine, amene amaphulika n'kuuma nkhanambo. Amenewo ndi nkhani ina.

Chomwe chimatiputa chimasiyana munthu ndi munthu. Wati pafupifupi mwezi uliwonse. Tayang'ana kalendala, chifukwa kwa akazi ena timabwera akatsala pang'ono kupita kumwezi. Ena ndi nkhawa ndi kusagona, ndipo munthu amene chibwenzi chikumuyang'ana cham'mbali sindikhulupirira kuti amagona bwino. Ena amadziluma tsaya podya mothamanga, kapena amatsuka mano ndi mswachi wouma mokhala ngati akwiya nawo. Alipo amene sayanjana ndi mankhwala otsukira mano ochita thovu kwambiri, ndipo akasintha, tizilonda timachepa. Nanazi, tomato ndi tsabola zimawawitsa chilonda chomwe chilipo kale, ndiye masiku amenewo uzipumule.

Koma pali chimodzi chomwe ndikufuna usachinyozere. Tizilonda tobwerabwera nthawi zina timakhala chizindikiro chakuti m'thupi mwachepa ayironi, vitamini B12 kapena foliki asidi. Mtsikana wotaya magazi ambiri kumwezi, amene nkhomaliro yake ndi mandasi ndi zakumwa zotsekemera, ameneyo ndimamukayikira msanga. Pita kuchipatala ukayezetse kuchuluka kwa magazi, ndipo uli pomwepo uyezetsenso HIV. Usatuzule maso. Sindikukuganizira zoipa, koma chitetezo cha m'thupi chikatsika zilonda za m'kamwa zimakula ndi kuchedwa kupola, ndipo kuyezako ndi kwa mphindi zochepa. Ukawauzenso adokotala ngati umatulukanso zilonda kumalo obisika, maso akufiira ndi kupweteka, kapena ukutsegula m'mimba kosalekeza, pakuti zikaphatikizana chotero amafufuza matenda ena.

Kunyumba, sungunula theka la supuni yaing'ono ya mchere m'kapu ya madzi ofunda, uzichukucha n'kulavula katatu kapena kanayi patsiku. Panado umwe ululu ukakula. Asipirini usamuike pachilondapo ngati amachitira ena, amawotcha mnofu n'kukusiyira bala loposa loyamba. Kupaka mchere wouma kapena kachasu ndi kudzizunza chabe.

Tsopano khala pansi tikambe za achimwene angawo, amene wawatchula kumapeto ngati ndiwo zapambali. Kalata yako yonse, mzere umene wandiimitsa mtima ndi umenewo. Chilonda chimodzi, m'mbali mwa lilime, miyezi iwiri, chosapweteka. Iwo akuyesa kusapwetekako ndi umboni wa mphamvu zawo. Ayi ndithu. Khansa ya m'kamwa kawirikawiri imayamba mosapweteka, ndipo m'mbali mwa lilime ndi pansi pa kamwa ndi malo amene imapezeka kwambiri. Lamulo lake ndi losavuta: chilonda chilichonse cha m'kamwa chikapitirira masabata atatu chisanapole, chikaonedwe kuchipatala, chipweteke chisapweteke. Zako zimasinthasintha malo ndipo chilichonse chimapola. Chawocho chakhala pamodzimodzi masabata asanu ndi atatu.

Ukafika kumudzi, apemphe atulutse lilime pa dzuwa. Ndikudziwa achita manyazi kutulutsira mwana lilime, ndiye amayi ako athandize. Onani ngati m'mphepete mwa chilondacho mwatukuka, ngati chikukhala cholimba pochigwira ndi chala chosamba, ngati chimatuluka magazi mosavuta, kapena pambali pake pali banga loyera kapena lofiira losachoka popukuta. Apapaseni m'khosi ndi kunsi kwa chibwano ngati muli chotupa cholimba. Afunseni ngati khutu la mbali yomweyo limapweteka, lilime lachita dzanzi, dzino lagwedera popanda chifukwa, kapena nsima ikuvuta kumeza. Zimenezi zikapezeka, ulendo ndi wa mawa. Zikapanda kupezeka, ulendo ndi wa mawabe, poti masabata atatu anadutsa kalekale. Ndipo ngati amasuta chingambwe, kuika fodya m'kamwa kapena kucheza ndi kachasu, chiopsezo chimakwera, makamaka fodya ndi mowa zikayendera limodzi.

Sindikuti ndi khansa. Dzino losweka lakuthwa limatha kumacheka lilime pamalo amodzi tsiku ndi tsiku. A zamano akaliona amalisalaza kapena kulichotsa, n'kudikira pafupifupi masabata awiri. Chilonda chikapola, nkhani yatha. TB ndi chindoko nazo zimatha kutulutsa chilonda chokhalitsa m'kamwa. Vuto ndi lakuti diso lokha, ngakhale la dokotala wamkulu, silingatsimikize. N'chifukwa chake amadula kachidutswa ka mnofu kuti akakapime, zomwe kuchipatala amati bayopusi.

Apa ndi pomwe achimwene angawo ayambe kufunafuna nsapato zothawira, ndiye uwafotokozere bwino. Sagoneka munthu tulo ayi. Amabaya jakisoni wa dzanzi ngati wochotsera dzino, n'kudula kachidutswa konga kambewu ka mpunga cham'mphepete mwa chilondacho. Amasoka ulusi umodzi kapena uwiri, munthu n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo, kumadya phala ndi zofewa masiku angapo. Kachidutswako amakaika m'kabotolo ka mankhwala n'kukatumiza kulabotale, komwe amakaunika ndi makina okulitsa zinthu. Ena adzawauza kuti chilonda chikakhudzidwa ndi mpeni khansa imafalikira. Bodza. Anthu ambiri amapita mochedwa matenda atafalikira kale, ndiye mlandu n'kugwera mpeni. Ikapezeka idakali yaing'ono, khansa ya m'kamwa imachotseka ndipo mwayi wochira umakhala waukulu.

Yambirani ku chipatala cha boma, ku gawo la mano. Mukanene momveka kuti chilonda chatha miyezi iwiri, ndipo ngati anamwapo mankhwala osathandiza, munene. Musakhutire ndi mapilitsi okha popanda tsiku lobwerera. Pemphani kalata yopitira ku chipatala chachikulu, komwe kwa inu a ku Kasungu ndi Kamuzu Central ku Lilongwe. Akadula, mufunse tsiku lotenga zotsatira, mulilembe m'buku lawo lakuchipatala, ndipo iweyo ukawaperekeze. Akakana, uwauze kuti alongo awo ndikubwera ndekha, ndipo thiransipoti alipira ndi iwo.

Ndine,
Azakhali ako