Tiyeze Mapaketi Angati a Mbewu? Kuwerengera Kobwerezabwereza

Wogulitsa mbewu akalandira mapaketi a chimanga a makilogalamu 2, sangawayeze onse pa sikelo. Amatapapo ochepa kuti adziwe avereji ya kulemera kwa katundu yense. Chiwerengero cha mapaketi oyenera kuyezedwa chimapezeka motere:

```
n = (t × s ÷ E)²
```

Apa s ndi muyezo wa mmene mapaketi amasiyanirana kulemera, ndipo E ndi malire a kuphonya amene tingalole. Nambala ya t timaiwerenga pa tebulo la t, pa mzere wa n − 1. Vuto lagona pamenepa: kuti tipeze n tifunika t, koma kuti tipeze t tifunikanso n. Choncho timayamba ndi kuyerekeza, kenako n'kumabwereza mpaka yankho litakhazikika.

Tiyerekeze kuti mapaketi amene tinayeza poyamba anapereka s wa magalamu 20, ndipo tikufuna kuti avereji isaphonye kupitirira magalamu 10, motsimikiza pa 95 peresenti. Ndiye kuti s ÷ E ndi 2.

Poyambira timagwiritsa ntchito 1.96, imene ndi t wa mapaketi ochuluka zedi. Yankho ndi 15.4, ndipo popeza chotsalira timachikweza nthawi zonse, n ndi 16. Pa mzere wa 15, t ndi 2.131, ndipo yankho likwera kufika pa 18.2, kutanthauza 19. Pa mzere wa 18, t ndi 2.101, yankho ndi 17.7, kutanthauza 18. Pa mzere wa 17, t ndi 2.110, yankho ndi 17.8, kutanthauza 18 kachiwiri. Nambala imene talowetsa ndi imene yatuluka, choncho tiyeze mapaketi 18. Tikanaima pa 16, malire a kuphonya akanakhala pafupifupi magalamu 10.7, kuposa amene tinalola.

Nthawi zina yankho silikhazikika. Tikalola kuphonya kwa magalamu 20, kuwerengera kumathera pa kusinthasintha pakati pa 6 ndi 7: tikalowetsa 6 pamatuluka 7, tikalowetsa 7 pamatuluka 6. Zikatero timatenga nambala yaikuluyo, chifukwa mapaketi 6 sakukwanira.

Dziwani kuti s ndi woyerekeza chabe. Ngati anachokera ku mapaketi a m'katoni imodzi, angakhale wochepa kuposa weniweni, ndipo n adzachepanso. Tapani mapaketi mwachisawawa m'katundu yense, ndipo mukatha kuyeza, werengeraninso s. Akatuluka wamkulu kuposa 20, bwerezani masamuwo ndi kuyeza mapaketi owonjezera. Kumbukiraninso kuti njirayi imanena za avereji yokha: avereji ingakhale yokwanira pamene mapaketi ena ndi operewera.